Foni ikadzaza, chofufuta ndi vidiyo, osati uthenga

Ntchito zambiri za m'dera la Ntaja zikuyendera pa foni masiku ano. Makomiti a chitukuko amaitanirana misonkhano pa WhatsApp, magulu a banki m'khonde amatumizirana zithunzi za kaundula wawo, ogula mpunga ndi nandolo amamvana mtengo ndi alimi asanakumane, ndipo mabanja ambiri amalandira mauthenga a mawu kuchokera kwa abale amene ali ku Joni. Koma tsiku limafika pamene foni imayamba kuchedwa, kamera n'kukana kujambula, chithunzi chimene wina watumiza n'kukana kutseguka. Pamwamba pa sikirini pamatuluka chenjezo longa ili: “Storage space running out”, kutanthauza kuti malo osungira zinthu m'foni atsala pang'ono kutha.

Zikatere, ambiri amathamangira kufufuta macheza onse, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba omwe, poganiza kuti ndiwo adzaza foni. Akatha amapeza kuti chenjezo lija likadalipo, pamene umboni wa ndalama zimene anatumiza wapita. Cholakwika n'chakuti afufuta zopepuka n'kusiya zolemera. Mawu olembedwa sadya malo. Chimene chimadzaza foni ndi mavidiyo, kenako zithunzi ndi nyimbo. Amene wamvetsa mfundo imeneyi angathe kupeza malo ochuluka popanda kutaya uthenga wofunika ndi umodzi womwe.

Cholemera n'chiti?

Malo a m'foni amayezedwa m'mamegabaiti ndi m'magigabaiti, amene pa sikirini amalembedwa kuti MB ndi GB. Gigabaiti imodzi ndi mamegabaiti pafupifupi 1,000. Foni imene pa bokosi lake panalembedwa 32 GB siipereka malo onsewo kwa mwini wake, chifukwa gawo lina limatengedwa ndi mapulogalamu oyendetsa foniyo amene inabwera nawo kuchokera ku fakitale. Otsalawo ndiwo amalimbirana WhatsApp, kamera, nyimbo ndi zina zonse.

Uthenga wamba wa SMS, monga umene umabwera munthu akalandira ndalama, umakhala ndi zilembo zowerengeka chabe. Mauthenga otere okwana 1,000 safika ndi megabaiti imodzi yomwe. Chithunzi chobwera pa WhatsApp nthawi zambiri sichikwananso megabaiti, pakuti pulogalamuyi imachichepetsa isanachitumize. Koma vidiyo ya mphindi zochepa ingathe kulemera mamegabaiti makumi angapo. Motero vidiyo imodzi yanthabwala imene yazungulira m'magulu atatu imadya malo oposa mauthenga onse a ndalama amene munthu walandira m'zaka zingapo.

Vuto limakula chifukwa chakuti foni imatha kukoka yokha zimene zatumizidwa m'magulu. Munthu amene ali m'gulu la banja, la mpingo kapena la mzikiti, la mpira ndi la komiti ya sukulu amasungitsidwa katundu tsiku ndi tsiku, ngakhale zinthu zimene sanazitsegule n'komwe. Nkhokwe yotere siidzaza ndi mpunga, imadzaza ndi mankhusu.

WhatsApp yokha ili ndi malo oonetsa zimenezi. Mwini foni atsegule pulogalamuyi, adine timadontho titatu ta pamwamba kudzanja lamanja, asankhe Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamwamba pamaoneka kuchuluka kwa malo amene WhatsApp yadya ndi amene atsala. M'munsi mwake muli mitu iwiri: Larger than 5 MB, pamene pamasonkhana zinthu zonse zolemera kuposa mamegabaiti 5, ndi Forwarded many times, pamene pali zinthu zimene zakhala zikuperekedwa kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina kambirimbiri. Kutsika pang'ono pali mndandanda wa macheza onse, kuyambira olemera kwambiri. Apa mpamene pamaonekera gulu limene ladzaza foni, ndipo kawirikawiri silikhala la ntchito.

Kuteteza zofunika kaye

Asanafufute kanthu, mwini foni ayenera kudziwa zimene sakufuna kutaya. Kwa anthu ambiri zimenezi sizichuluka: uthenga umene wina anavomera ngongole, chithunzi cha lisiti kapena cha chikalata, mgwirizano wa mtengo wa mbewu, mfundo za msonkhano, ndi mawu a m'bale amene ali kutali kapena amene anatisiya. Pali njira zitatu zotetezera zinthu zotere, ndipo iliyonse ili ndi malire ake.

Njira yoyamba ndi kuika nyenyezi. Munthu adinikize uthenga wofunikawo kwa kanthawi mpaka utasankhidwa, kenako adine kachizindikiro ka nyenyezi kamene kamatuluka pamwamba. Mauthenga onse a nyenyezi amapezeka pamodzi, ndipo pofufuta zinthu zambiri nthawi imodzi WhatsApp imafunsa ngati a nyenyeziwo apite nawo kapena atsale. Komabe nyenyezi ndi chizindikiro chabe. Uthengawo umakhalabe m'foni momwemo, kotero foni ikabedwa, kapena macheza onsewo akafufutidwa ndi Delete chat, nawonso umapita.

Njira yachiwiri ndi kutulutsa kope la macheza. Munthu atsegule macheza amene akufuna, adine timadontho titatu, asankhe More, kenako Export chat. Foni imafunsa ngati kopelo likhale la mawu okha, Without media, kapena pamodzi ndi zithunzi ndi zina, Include media. La mawu okha limatenga mauthenga aposachedwa mpaka 40,000, pamene lophatikiza zithunzi limalekezera pa 10,000. Kopeli limaonetsa tsiku, nthawi ndi amene analemba uthenga uliwonse, ndipo munthu angathe kudzitumizira pa imelo kapena kulisunga pa Google Drive. Malire ake ndi akuti kope lotere ndi lowerenga chabe, silingabwezeretsedwenso m'WhatsApp kuti likhale macheza ngati kale. Kwa magulu amene amakambirana ndi mauthenga a mawu, m'Chiyao kapena m'Chichewa, kope la mawu olembedwa okha silithandiza, pakuti limangosonyeza kuti pamenepo panali kanthu kamene kasiyidwa. Otere asankhe Include media.

Njira yachitatu ndi kusamutsira zithunzi ndi mavidiyo ku memori khadi kapena ku kompyuta. WhatsApp yeniyeniyo siisamukira pa khadi, koma zinthu zake zimasamuka. Pa mafoni atsopano zimapezeka potsegula pulogalamu ya mafayilo, imene imatchedwa Files kapena File Manager, n'kutsata njira iyi:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Pa mafoni akale foda ya WhatsApp imakhala poyera m'malo a m'kati mwa foni. M'menemo muli mafoda monga WhatsApp Images, WhatsApp Video ndi WhatsApp Voice Notes. Chanzeru ndi kukopera kaye ku khadi, kutsegula zingapo mwa zimene zakopedwazo kuti zioneke ngati zikugwira ntchito, ndipo pambuyo pake kufufuta za m'foni. Khadi yachinyengo kapena yowonongeka imaonetsa ngati yalandira zinthu, koma munthu akatsegula amapeza chithunzi chakuda kapena vidiyo yokana kusewera. Dziwaninso kuti chinthu chikasamutsidwa sichitsegukanso m'macheza momwe chinali, chimafunika kuchiyang'ana pa khadipo.

Bakapu ndi kalilole, si nkhokwe

Pali chinthu chimodzi chimene chapusitsa anthu ambiri odziwa bwino foni. Iwo amati: “Ndili ndi bakapu, ndingathe kufufuta chilichonse.” Bakapu ya WhatsApp imapezeka pa Settings, Chats, Chat backup, ndipo imatumiza kope la macheza onse ku akaunti ya Google ya mwini foni. Ndi yothandiza kwambiri foni ikatayika kapena ikawonongeka. Koma Google imasunga kope limodzi lokha, laposachedwa. Bakapu yatsopano ikachitika imalowa m'malo mwa yakale.

Tanthauzo lake ndi ili: munthu akafufuta macheza Lolemba, foni n'kuchita bakapu usiku wa tsiku lomwelo, pofika Lachiwiri machezawo mulibe m'foni, mulibenso m'bakapu. Bakapu imangoonetsa mmene foni ilili, monga kalilole. Choncho chinthu chimene munthu akufuna kuchichotsa m'foni koma osachitaya chiyenera kupita ku memori khadi, ku kompyuta kapena ku kope la Export chat.

Bakapu ili ndi zofunika zake zina. Imabwezeretsedwa pokhapokha nambala ya foni ili yomweyo ndiponso akaunti ya Google ili yomweyo. Amene akaunti yake inatsegulidwa ndi munthu wina pa tsiku logula foni, ndipo sadziwa imelo kapena pasiwedi yake, ali ngati wosungitsa katundu m'nyumba imene kiyi wake alibe. Ndi bwino kulemba ziwirizi m'kope la kunyumba. Akaunti iliyonse ya Google imapatsidwa malo aulere okwana 15 GB, ndipo kuyambira m'chaka cha 2024 bakapu ya WhatsApp imawerengeredwa m'malo amenewa, pamodzi ndi maimelo ndi zithunzi. Malowo akadzaza, bakapu imaima. Chizindikiro chake chili pa tsamba la Chat backup pomwepo, pamene pamalembedwa tsiku la bakapu yomaliza: ngati tsikulo ndi la miyezi yapitayo, ndiye kuti mauthenga onse obwera pambuyo pake alibe chitetezo. Kuzimitsa Include videos kumachepetsa bakapu ndi bandulo yofunika, koma kumatanthauzanso kuti mavidiyo sadzabwerera. Mauthenga a SMS, kuphatikizapo a ndalama, sali m'bakapu ya WhatsApp.

Chitsanzo cha mlembi wa banki m'khonde

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde ndipo ali ndi foni ya 32 GB imene yayamba kukana kujambula kaundula pa tsiku la msonkhano. Atatsegula Manage storage apeza kuti WhatsApp yadya 9 GB, ndipo m'foni monse mwatsala 400 MB. Pa mndandanda, gulu la banja lili pamwamba ndi 3 GB, gulu la kwaya 2.5 GB, ndipo gulu la nthabwala limene analowetsedwa ndi mnzake 2 GB. Gulu la banki m'khonde, limene ankafuna kulifufuta poona kuchuluka kwa mauthenga ake, lili ndi 600 MB yokha. Macheza ndi mchimwene wake wa ku Joni ali ndi 500 MB, ndipo ena onse pamodzi ndi 400 MB.

Ayamba ndi kuteteza. M'gulu la banki aika nyenyezi pa zithunzi za kaundula wa mwezi uliwonse ndi pa mauthenga amene mamembala anavomera ngongole zawo. Kenako atulutsa kope la gululi ndi Export chat, kusankha Include media, n'kudzitumizira pa imelo. Imelo ikakana chifukwa cha kulemera kwa kopelo, alisunga pa Google Drive. M'macheza a mchimwene wake aika nyenyezi pa zithunzi za malisiti a ndalama zimene amatumiza zomangira nyumba. Macheza awiriwa sawakhudzanso.

Tsopano afika pa gulu la nthabwala. M'menemo mulibe chosunga, choncho alitsegula, adina timadontho titatu, More, kenako Clear chat. Pamatuluka kabokosi kofunsa ngati zithunzi ndi mavidiyo a m'machezawo achotsedwenso m'galare ya foni. Apa ayenera kuchonga, chifukwa akapanda kutero mawu okha ndiwo amapita, katundu wolemera n'kutsala, ndipo malo sapezeka. Pamenepa wapeza 2 GB. Popeza gululi sakulifuna, atulukamo kuti lisadzazenso foni.

Gulu la banja salipukuta lonse, chifukwa muli zithunzi za ukwati ndi za ana. Alitsegula kudzera pa Manage storage, adina kachizindikiro kosanjira zinthu, n'kusankha Largest kuti zolemera zibwere pamwamba. Mizere yoyambirira yonse ndi mavidiyo, ambiri ndi ongoperekedwa kuchokera kwina. Asankha amenewa mmodzimmodzi, kudumpha vidiyo ya ukwati, n'kudina kabini. Foni ikafunsa za zinthu za nyenyezi, asiya kuti zitsale. Pangabwerenso funso la Delete any copies, lofufuta makope a chinthu chomwecho amene ali m'macheza ena. Pa mavidiyo anthabwala n'koyenera kuvomera, koma pa zithunzi za malisiti ayi, pakuti kope limene lili kwinalo lingakhale lomwe akulidalira. M'gulu la banja wapeza 2.5 GB, ndipo mawu onse olembedwa ali momwemo.

Nyimbo za kwaya akuzifuna, koma safunika kuyenda nazo zonse m'foni. Azikopera ku memori khadi, asewera zingapo kuti atsimikize, kenako afufuta za m'foni, n'kupeza 2 GB ina. Pamodzi wapeza 6.5 GB, ndipo palibe uthenga wa ndalama kapena chithunzi cha kaundula chimene chasowa. Pomaliza adina Back up pamene netiweki ili bwino ndipo batire ili ndi moto wokwanira. Popeza katundu wachepa, bakapuyo imadya bandulo yochepa kuposa kale.

Mabatani ofanana maina, osiyana ntchito

Zinthu zambiri zimatayika chifukwa cha mawu a pa sikirini amene amaoneka ofanana. Archive imangobisa macheza kuti asaoneke pa mndandanda, siichotsa kanthu ndipo siipereka malo. Clear chat imapukuta mauthenga koma machezawo amatsala, ndipo munthu amakhalabe m'gulu. Delete chat imachotsa zonse. Pofufuta uthenga umodzi pamatuluka Delete for me ndi Delete for everyone. Woyeretsa foni yake asankhe yoyambayo, chifukwa yachiwiriyo imachotsa uthengawo m'mafoni a anzake onse. Mlembi amene wafufuta motere mfundo za msonkhano wamana komiti yonse.

Batani loopsa koposa lili kunja kwa WhatsApp, pa Settings ya foni, pansi pa Apps. Pamenepo pali Clear cache ndi Clear data, imene mafoni ena amailemba kuti Clear storage. Clear cache imachotsa tizinthu tosakhalitsa timene pulogalamu imadzisungira, ndipo siiwononga kanthu. Imathandiza makamaka pa Facebook, TikTok ndi Chrome, zimene zimaunjika zinthu zotere msanga. Clear data imabweza pulogalamu kuti ikhale ngati yangoikidwa kumene. Ikadinidwa pa WhatsApp, foni imafunsanso nambala, ndipo macheza amabwerera pokhapokha pali bakapu yabwino. Amene wapereka foni kwa mwana kapena kwa wokonza mafoni kuti ayeretse anene momveka kuti batani limeneli lisakhudzidwe. Safunsa anadya phula.

Nthawi zina munthu amafufuta zinthu zambiri koma malo osaoneka. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti zimene zafufutidwa kudzera m'galare kapena m'pulogalamu ya mafayilo zimayamba zapita m'bini, imene imalembedwa kuti Trash, Bin kapena Recently deleted, ndipo pa mafoni ambiri zimakhala m'menemo masiku 30. Uwu ndi mwayi kwa amene wafufuta molakwitsa, koma malo sapezeka mpaka biniyo itakhuthulidwa. Munthu ayang'anemo kaye, abweze chimene chalowamo mwangozi, kenako akhuthule. Zofufutidwa m'kati mwa WhatsApp zisayembekezeredwe m'bini imeneyi.

Amene wazindikira kuti wafufuta macheza ofunika, bakapu yatsopano isanachitike, akadali ndi mpata umodzi. Aone tsiku la bakapu yomaliza. Ngati ndi la m'mbuyo mwa kufufutako, angathe kuchotsa WhatsApp m'foni, kuiikanso, kulowetsa nambala yomweyo, n'kusankha Restore ikafunsa. Mtengo wake ndi wakuti mauthenga onse amene anabwera pambuyo pa bakapuyo amatayika, choncho ayambe watulutsa makope ake. Njira ina yosavuta ndi kupempha mnzake wa m'machezawo kuti atumizenso, pakuti zimene munthu wafufuta m'foni yake zimakhalapobe m'foni ya winayo.

Kutseka mpata umene zimalowera

Foni yoyeretsedwa imadzazanso m'miyezi yochepa ngati khomo likadali lotsegula. Pa tsamba la Storage and data pali mutu wakuti Media auto-download, wokhala ndi mizere itatu: When using mobile data, When connected on Wi-Fi ndi When roaming. Pa mzere uliwonse mwini foni achotse kuchonga pa Videos, Audio ndi Documents, ndipo amene ali m'magulu ambiri achotsenso pa Photos. Akatero, vidiyo imadikira mpaka mwini wake ataidina, ndipo imene sanaidine siidya malo kapena bandulo. Mauthenga a mawu ojambulidwa pomwepo amabwerabe okha. Kumbali ina, chithunzi cha lisiti kapena chikalata chiyenera kutsegulidwa chikangofika, chifukwa chikakhala nthawi yaitali chosakokedwa chimatha kukana. Media visibility ndi nkhani ina: kuizimitsa kumangobisa zithunzi kuti zisaoneke m'galare, koma malo zimadyabe.

Palinso Disappearing messages, imene imafufuta yokha mauthenga pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Ndi yoyenera m'magulu a macheza wamba. M'gulu la banki m'khonde, la komiti ya mjigo kapena la chitukuko cha m'mudzi iyenera kukhala yozimitsa, chifukwa uthenga wovomera ngongole ungathe kusowa nyengo yogawana ndalama isanakwane. Kachizindikiro konga wotchi pa chithunzi cha gulu ndiko kamasonyeza kuti yayatsidwa, ndipo oyang'anira gulu angathe kukonza kuti iwo okha ndiwo aziisintha.

Makomiti angathandizenso mamembala awo pogwirizana kuti gulu la ntchito likhale la ntchito yokha, mavidiyo ongosangalatsa azipita kwina. Mlembi azitulutsa kope la macheza kamodzi pa mwezi, ukangotha msonkhano, ndipo ziwerengero za ndalama azizilembabe m'kaundula wa pepala. Zikatero, tsiku limene foni ya mlembi yadzaza, yagwera m'madzi kapena yasowa pa msika wa Ntaja, mbiri ya gulu imakhala ilipo.